Mizati Yoyambira pa Ziro

Kuntchito ankamutcha Mizere, chifukwa sankatha kudutsa pamene pakhomedwa pepala lopendekeka osaliwongola. Ntchito yake m'bungwelo inali kutenga manambala amene ena asonkhanitsa n'kuwasandutsa chithunzi choti munthu wotanganidwa achiyang'ane kamodzi n'kumva nkhani yonse. Tebulo lake linali pakona pafupi ndi pulinta, choncho aliyense wodzatenga mapepala ankasuzumira pa kompyuta yake n'kumuuza mtundu umene akanaukonda iyeyo.

Bungwelo linali ndi mapulogalamu angapo a zaumoyo. Imodzi inali yotumiza anthu a mafizo m'makomo mwa odwala sitiroko, kukawaongola manja ndi miyendo ndi kuwaphunzitsanso kuima. Bodi inali itanena kuti chaka chamawa singathe kuyendetsa mapulogalamu onse, ndiye iliyonse ibwere ndi tsamba limodzi loonetsa zimene yapindula. Tsamba la pulogalamu ya mafizo linagwera Mizere.

Bambo ake a Mizere anali m'gulu la oyenderedwawo. Akuluakulu ankadziwa, ndipo anangomuuza kuti asamakhudze mayankho a kafukufuku, iye ake ndi manambala omaliza basi.

Amene anabweretsa manambalawo ndi mkulu wa ziwerengero, bambo wamtali wolankhula motsitsa amene onse ankawatcha a Manambala. Anakoka mpando n'kukhala pambali pake, zimene sankachita kawirikawiri.

"Funso lalikulu linali lakuti, kodi wodwalayo amatha kupita kuchimbudzi yekha popanda womugwira," anatero. "Tinafunsa makomo 206 amene amayenderedwa, ndi makomo 198 amene akudikirabe kuti ayambe kuyenderedwa. Pa oyenderedwa 100 alionse, 44 amatha. Pa odikira 100 alionse, 41 amatha."

"Atatu okha?"

"Atatu. Ndipo atatuwo osawadalira. Ndi anthu ochepa chonchi, nambala iliyonse ikhoza kukwera kapena kutsika ndi 7. Titafunsa makomo ena mawa, zikhoza kutembenuka."

Mizere anajambula monga ankachitira nthawi zonse. Mizati iwiri yoimirira, mzere wa m'mbali woyambira pa ziro kukafika pa 100. Mzati wa odikira anaupatsa mtundu wa phulusa, wa oyenderedwa wabuluu wakuda, kuti diso liyambe lagwera pamenepo. Nambala iliyonse anailemba pamwamba pa mzati wake, dzina la gulu pansi pake, kuti munthu asachite kukafunafuna pambali tanthauzo la mitundu. Pansonga ya mzati uliwonse anaikapo kamzere kopyapyala koonetsa pamene nambalayo ingathe kufika, mmwamba ndi mmunsi. Atamaliza anabwerera m'mbuyo ndi mpando wake n'kuyang'ana. Mizatiyo inali ngati mapasa.

Mkulu wa pulogalamu ya mafizo anali mayi amene anayamba ntchito ngati wa mafizo iwo eni, ndipo mpaka pano ankavala nsapato zopanda zidendene ngati munthu woyenda m'makomo. Anabwera masana, n'kuima kumbuyo kwa Mizere akuyang'ana mizatiyo.

"Ndi zimenezi?"

"Ndi zimenezi, amayi."

"Taona malo onsewa pansipa, kuyambira ziro mpaka 40. Mulibe kanthu. Bwanji tingodula, tiyambire pa 40, kuti anthu aone bwino pamene pali nkhani?"

Mizere anafotokoza mwaulemu. Munthu akaona mizati amayerekeza kutalika kwake, sayamba wawerenga manambala a m'mbali. Ukayambira pa 40, mzati wa odikira utsala ndi gawo limodzi, wa oyenderedwa magawo anayi. Woyang'ana aganiza kuti oyenderedwa akuchira kuwirikiza kanayi.

"Koma manambala tilemba omwewa. 41 ndi 44. Sitinama."

"Manambala sanama, koma chithunzi chinama. Ndipo chimene anthu akachikumbukire ndi chithunzi."

"Nanga m'malo mwa mizati tijambule anthu awiri, wina wamkuluko?"

"Munthu ukamutalikitsa amanenepanso, amayi. Amaoneka wamkulu kuposa mmene nambala yakulira."

"Ndiye mitundu. Wathu ukhale wobiriwira, winawo wofiira. Phulusali likuoneka ngati tili pamaliro."

"Wofiira ndi wobiriwira anthu ena saisiyanitsa. Ndipo mapepala a bodi amasindikizidwa pa pulinta iyi, yopanda mitundu. Yonse iwiri ituluka yotuwa mofanana."

Mkuluyo anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Iwe uli ndi yankho pa chilichonse. Ine ndili ndi anthu khumi ndi anayi amene amakwera minibasi ndi zikwama kumsana, kukagwada pa simenti m'nyumba za eni. Ndikawauze chiyani? Ndipo iwe ukudziwa bwino kuposa ine chimene chimachitika m'nyumbamo."

Mkuluyo anagwira Mizere paphewa n'kupita.

Madzulo a tsikulo Mizere anasindikiza tsambalo n'kulitenga popita kwa makolo ake. Chinali chizolowezi chake kuonetsa tchati chilichonse kwa munthu wosadziwa nkhaniyo, kuti amve chimene chikuoneka poyamba. Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri kuseri kwa malo okonzera matayala. Bedi la abambo analisamutsira pabalaza, pafupi ndi windo, chifukwa chitseko cha kuchipinda chinali chopapatiza. Sofa anaikankhira kukhoma, ndipo pamwamba pake panali matawulo opinda, botolo la mafuta odzola ndi mpira wawung'ono wofinya.

Anapeza wa mafizo ali mkati mwa ntchito. Anali mayi wamfupi wa mikono yolimba, ndipo abambo anamupatsa dzina loti Sajeni chifukwa cha kulamula kwake. Dzinali linali limodzi mwa mawu ochepa amene ankawatchula bwinobwino.

"Tiyeni, bambo, phazi pansi. Ayi, osati kundiyang'ana ine, ine si phazi. Tsamirani kutsogolo, mphuno ipitirire mawondo. Eya. Imani."

Abambo anaima, akunjenjemera, dzanja lamanja litapindikira pachifuwa. Sajeni anawagwira m'chiuno, bondo lake litatchinga bondo lawo lofookalo. Anaima pang'ono, kenako anakhala pansi mwamphamvu, bedi n'kulira.

"Sajeni... wankhanza," anatero abambo, pakamwa patapotokera kumodzi.

"Mukandisumire," anatero Sajeni akupukuta thukuta. "Koma mukapite wapansi."

Abambo sanayendepo okha chidwalire, ndipo Mizere ankadziwa kuti pa funso lija iwo ali m'gulu la osatha. Koma Sajeni asanayambe kubwera, abambowo anali ndi chilonda kumsana chimene chinkanunkha mpaka panja. Sajeni ndiye anaphunzitsa amayi kuwatembenuza, kuika mapilo, kuwakhazika bwino podya kuti asatsamwe. Chilondacho chinapola. Amayi, amene poyamba ankalira m'bafa atatsegula mpope kuti asamveke, tsopano ankagona tulo. Tsiku lobwera Sajeni, amayiwo ankavala chitenje chabwino.

Sajeni atapita, Mizere anapeza amayi ake kukhitchini akutsuka makapu. Anawapatsa pepalalo.

"Amayi, tayang'anani. Musawerenge, mungondiuza chimene mukuona."

Amayi anapukuta manja, n'kuligwira patali popeza magalasi anali pabalaza. "Ndikuona timatabwa tiwiri tofanana."

"Palibe chachitali?"

"Ichi chakudachi mwina, koma ndi kachikhadabo chabe. N'chiyani chimenechi?"

Mizere anawauza. Amayi anayang'ananso pepalalo, kenako anayang'ana kukhomo la pabalaza.

"Ndiye kuti pepalali likunena kuti Sajeni akungotaya nthawi?"

"Silikunena choncho. Likunena kuti pa nkhani yoyenda yokha, sitinaone kusiyana."

"Nanga chilonda chija chili pati pamenepa?"

"Sanafunse za zilonda."

"Bwanji osafunsa?"

"Sindikudziwa, amayi. Mafunso analembedwa kale, ine kulibe."

"Wajambula ndiwe?"

"Ndine."

Amayi anamubwezera pepalalo n'kubwerera ku makapu awo. "Wajambula bwino," anatero. "Ngakhale ine wosaphunzira ndamva."

Mawa lake Mizere anapita ku ofesi ya a Manambala, kachipinda kopanda windo kodzaza mabokosi. Anawapempha kuti afufuzenso. Kafukufuku anali ndi mafunso ambiri, sizingatheke kuti onse akhale chete.

A Manambala anatsegula mndandanda wa zotsatira pa kompyuta n'kuyenda nalo mzere ndi mzere. Kudya yekha, kusiyana kwa awiri. Kuvala yekha, palibe. Kusamba, odikira anaposa ndi mmodzi. Onse anali mafunso a chimene wodwala amatha kuchita yekha. Za zilonda, kutsamwa, kugwa, kapena za munthu amene akusamalira wodwalayo, panalibe ndi limodzi lomwe.

"Nanga amene anayamba kuyenderedwa msanga, atangotuluka m'chipatala?"

"Alipo 18. Mwa iwo, 12 amayenda okha."

Mizere anawerengetsera msanga. "Ndiye awiri pa atatu alionse."

"Ndi anthu 18, mwanawe. Atatu akanayankha mosiyana, nkhani yatha. Komanso ambiri amene amachira sitiroko amachira miyezi yoyambirira, kaya ayenderedwe kaya ayi. Tilibe gulu la odikira loti tiwayerekeze nalo bwinobwino. Ndipo ukang'amba anthu m'timagulu tambirimbiri, kamodzi kadzaoneka kokongola mwangozi. Tikatola kameneko n'kukaika pakati pa tsamba, tasankha yankho tisanafunse."

"Ndiye palibe chimene tingachite?"

"Tikhoza kunena zimene sitikudziwa. Zimenezonso n'zoona."

Pa nthawi ya nkhomaliro, anzake atatuluka, Mizere anakopera tchati chija n'kusintha nambala imodzi yokha, ziro kukhala 40. Mzati wabuluu unakwera mpaka pamwamba, waphulusa unatsala ngati chitsa. Anachotsa timizere tija, popeza tsopano tinkatuluka kunja kwa tchati. Chinali chokongola. Chinkanena ndendende zimene iye ankamva akaona Sajeni akulowa pakhomo. Anachisindikiza, n'kubwerera nacho ku kachipinda kaja.

A Manambala anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Ukufuna ndinene kuti chili bwino."

"Ndikufuna mundiuze amene chingamupweteke."

"Mwina palibe. Mwinanso alipo amene sitimuona. Thandizoli likakhala kuno ndiye kuti kwina silipita, ndipo ine sindidziwa kumene lingapulumutse ambiri. Amene ayenera kusankha ndi a bodi, ndipo ayenera kusankha akuona. Tikawamanga m'maso, tasankha ndife." Anamubwezera pepalalo. "Mchemwali wanga anagona pabedi akudwala zaka zinayi. Ndikudziwa chimene wa mafizo amachita m'nyumba. Koma dzina langa pansi pa ichi sindiika. Ndipo ndikuona kuti lakonso sukufuna kuikapo, n'chifukwa chake wabwera nacho kuno m'malo mokapereka."

Mizere anapinda pepalalo pawiri, kenako anaganiza kuti akalibisa ndiye kuti nayenso wasankhira ena. Anatenga onse awiri, loona ndi lodula, n'kukawaika pa tebulo la mkulu wa pulogalamu. Ananena poyera kuti lodulalo a Manambala alikana, ndipo iyenso sakulivomereza, koma tsamba ndi la pulogalamu.

Mkuluyo anawayang'ana mosinthanasinthana. Chala chawo chinakhala pa mzati wautali uja.

"Ichi ndiye ndimachiona ndikatseka maso," anatero. Kenako anachitembenuza chafufumimba. "Manambala onse ali kumapeto kwa lipoti. Wina akangotsegula, ndathera pompo, ndi anthu anga omwe. Tipite ndi chinacho. Koma undithandize, chisangokhala chete chonchi."

Anagwira ntchito atatu masiku otsatirawo. Mutu wa tsamba unawavuta kuposa china chilichonse. Mkulu ankafuna wakuti oyenderedwa akuchita bwinoko. A Manambala anakana. Mizere analemba wakuti palibe kusiyana, a Manambala anakananso, akuti kusapeza chinthu sikutanthauza kuti kulibe. Mapeto ake anagwirizana pa wakuti: "Pa kuyenda okha, kafukufuku sanapeze kusiyana kodalirika." Pansi pa mizati analemba funso lenileni monga linafunsidwira, ndi chiwerengero cha makomo a gulu lililonse.

Kumanja Mizere anasiya malo a bokosi limodzi, ndipo mpamene anagwiritsa ntchito mtundu wachitatu, walalanje, umene sanauike pena paliponse patsambalo. Mutu wake unali wakuti "Zimene kafukufukuyu sanafunse," ndipo m'munsi munali mizere itatu: zilonda zobwera chifukwa chogona, kugwa ndi kutsamwa, thanzi la wosamalira wodwala. Anthu 18 aja anawajambula ngati timadontho 18, khumi ndi tiwiri todzaza, tisanu ndi kamodzi topanda kanthu, osalembapo peresenti, ndi mawu akuti ndi ochepa ndipo palibe gulu lowayerekeza nalo. Anasindikiza pa pulinta yopanda mitundu kuti aone. Buluu anatuluka wakuda, phulusa lotuwa, bokosi linkaonekabe chifukwa cha mpanda wake wokhuthala. Panalibenso choti akonze.

Msonkhano wa bodi unachitikira m'chipinda chapamwamba, cha tebulo lalitali ndi makatani osatsekeka bwino. Mizere analowamo chifukwa ndiye ankasintha zithunzi pa pulojekita. Anakhala pakona ndi kompyuta pamiyendo. A Manambala anakhala kukhoma, pa mipando ya osavota.

Isanafike pulogalamu ya mafizo panali ina, yotumiza mauthenga a pafoni okumbutsa anthu kumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Tsamba lawo linajambulidwa ndi kampani yakunja kwa bungwe. Mizere atadina, khoma linawala ndi mitundu isanu ndi umodzi, mafoni ojambula, mitima, ndi mizati iwiri yonenepa yokhala ndi mithunzi. Umodzi unali wautali katatu kuposa unzake. Anthu patebulo anawongoka.

Mizere anayang'ana m'mbali mwa tchaticho, pa timanambala tating'ono totuwa. Tinayambira pa 75. Mizatiyo inali 78 ndi 84.

Anatembenukira kwa a Manambala. Iwo anali ataona kale. Anakweza dzanja pang'ono, ndipo wapampando, bambo wonenepa waulemu amene ankayang'ana wotchi pafupipafupi, anawaloleza.

"Pepani, a wapampando, ndingotchula kuti sikelo ya tchatichi siyambira pa ziro. Kusiyana kwake ndi 6 pa 100, osati kuwirikiza katatu. Komanso sanalembe kuti anafunsa anthu angati."

"Koma kukwera kulipo?"

"Kukuoneka kuti kulipo, inde. Kukula kwake ndiye..."

"Zikomo, talemba. Okonza tsambali adzakonze. Tipitirire, nthawi yatithera."

Anthu anagwedeza mitu. Ena anali akuyang'anabe mzati wautaliwo, ndipo unakhala pakhomapo mpaka mwini pulogalamuyo atamaliza kulankhula.

Kenako Mizere anadina tsamba lake. Mayi wina wa bodi, amene tsiku lonse ankadandaula kuti matchati akumuzunguza mutu, anapumira m'mwamba.

"Ichi ndiye chomveka. Ukangoyang'ana wadziwa."

Mkulu wa pulogalamu anaimirira n'kulankhula bwino kwambiri. Anayamba ndi kuvomera zimene mizati ikuonetsa, kenako analoza bokosi lalalanje. Ananena za zilonda, za amayi okalamba onyamula amuna awo, za odwala amene sabwereranso kuchipatala. Anapempha chaka chimodzi choti afunse mafunso oyenera.

"Zimenezo muli ndi manambala ake?" anafunsa wapampando.

"Tilibe. N'chifukwa chake zili m'bokosimo."

"Ndikumva, ndipo ndikuyamikira kuti simunabise. Koma cholinga cha pulogalamuyi, monga chinalembedwera poyamba, chinali choti anthu aziyenda okha. Si choncho?"

"Ndi choncho."

"Ndiye tsamba lanu lomwe layankha."

A Manambala anakwezanso dzanja n'kunena kuti mutuwo ukuti kusiyana sikunapezeke, sukuti kulibe, ndipo timizere tija tikuonetsa kuti phindu likhoza kukhalapo ndithu. Wapampando anavomera ndi mutu. Munthu wina anati ngati phindu lake likuchita kufunika galasi kuti ulione, ndiye kuti ndi laling'ono. Ena anaseka. Mizere anakhala chala chili pa batani, akudikira kuti wina amufunse kanthu. Panalibe chifukwa choti amufunse. Wapampando anati, "Chotsatira," ndipo iye anadina.

Anavota atatuluka onse osavota. Uthenga unafika mawa lake: pulogalamu ya mafizo itha kumapeto kwa mwezi wotsatira, ya mauthenga a pafoni ikula. Pamakwerero Mizere anakumana ndi wapampando akutsika ndi chikwama chawo.

"Ndinu amene munajambula tsamba la mafizo lija? Ntchito yabwino kwambiri. Ndawauza kuti lipoti la chaka chino matchati onse mujambule ndinu. Enawa amatisokoneza."

"Zikomo, bwana," anatero Mizere, n'kupatuka kuti adutse.

Mkulu wa pulogalamu sanamukwiyire. Zikanakhala bwino akanakwiya. Anangobwera pa pulinta kudzatenga makalata othetsa ntchito a anthu awo khumi ndi anayi, n'kuima pambali pake makinawo akutulutsa.

"Usadziimbe mlandu," anatero osamuyang'ana. "Ndinasankha ndine. Ndikanatenga chinacho mwina tikanadutsa, mwina tikanagwidwa. Sindidzadziwa." Anasanja mapepalawo pa tebulo. "Chimene chikundiwawa n'chakuti mafunso aja ndinawaona asanapite. Ndinati ali bwino."

Amayi anamva kwa Sajeni mwini wake, Mizere asanapeze mawu. Mizere atafika Loweruka anawapeza atakhala pa sofa pakati pa matawulo, manja ali pamiyendo.

"Akuti aleka," anatero amayi.

"Ndamva."

"Ndi timatabwa tija?"

"Ndi zambiri, amayi. Koma inde, anayang'ana timeneto."

"Sukanakatalikitsa pang'ono? Si iwe unagwira cholembera?"

"Ndikanatha."

Amayi anadikira kuti apitirize. Mizere anafuna kunena za sikelo, za diso la munthu, za anthu ena osaoneka amene thandizo lingawafikire, koma mawu onsewo anali a ku ofesi, ndipo pabalazapo abambo anali kumvetsera nkhope italoza kukhoma.

"Ndinakulera ndine," anatero amayi potsiriza. "Ndinkakumenya ukanama. Ndiye ndidandaule kwa ndani?" Anaimirira n'kupita kukhitchini.

Masabata otsalawo Sajeni anawathera pophunzitsa. Ankapempha Mizere kuti azipezeka, popeza mlongo wake wa Mizereyo ankagwira ntchito kutali ndipo msana wa amayi unali utayamba kale kuvuta. Anamuonetsa poika mapazi, potchinga bondo, pogwira lamba wa m'chiuno osati mkono wofookawo, kuopa kugulula phewa. Anamubwerezetsa mpaka anazolowera. Anajambula pa katoni mmene mapilo ayenera kukhalira n'kukhoma pamwamba pa bedi.

"Mukagwira kuti tsopano?" Mizere anafunsa tsiku lomaliza, akumuperekeza pamsewu.

"Kuli chipatala china cholipira akufuna munthu. Kumeneko odwala amabwera okha pa galimoto." Anakonza chikwama kumsana. "Ndinaliona tsamba lako. Silinaname. Ambiri mwa anthu anga sayendadi, ndipo sadzayenda. Ine ndinkadziwa kalekale, ndimangoona kuti palibe amene wandifunsa." Minibasi inaima, kondakitala akumenya chitseko. "Akayamba kutsokomola podya, muwakhazike chilili, mutu uweramire kutsogolo pang'ono. Osawapatsa madzi atagona."

Lachiwiri lotsatira Mizere anapempha kuweruka masana. Anapeza amayi atasambitsa kale abambo pabedi, ndipo anatsala n'kuwasamutsira pampando kuti asinthe zofunda. Anakoka mpando, anaumangitsa kukhoma, anaika mapazi a abambo pansi monga anaphunzirira.

"Tiyeni, ababa. Mphuno ipitirire mawondo."

Abambo anamuyang'ana, kenako anayang'ana kukhomo.

"Sabwera, ababa. Ndi ine. Tiyeni."

Anatsamira kutsogolo, anadzuka theka. Mizere anamva kulemera kwawo konse kukubwera pa iye nthawi imodzi, ndipo bondo lake linaterereka pa bondo lawo. Sanagwe. Anatsetsereka pang'onopang'ono, iye atawakumbatira m'chiuno, amayi atagwira mutu, mpaka onse atatu anapezeka pansi pakati pa bedi ndi mpando.

Mizere anafunsa abambo ngati avulala. Abambo anapukusa mutu. Anayesa kuwadzutsa, iye mbali ino amayi mbali inayo, koma amayi anagwira msana n'kukhalanso pansi. Anayesanso yekha, osatheka. Kudzutsa munthu pansi anali asanaphunzire bwino, nthawi inali itatha.

Amayi anatuluka kukaitana wokonza matayala. Anabwerera n'kunena kuti wapita kukagula zipangizo, mkazi wake akuti sachedwa.

Mizere anatenga pilo n'kuika kumsana kwa abambo, n'kuwatsamiritsa m'mbali mwa bedi. Anawafunditsa bulangete m'miyendo chifukwa simenti inali yozizira, n'kuika dzanja lofookalo pa tawulo lopinda. Amayi anabweretsa kapu ya madzi, anaima nayo, kenako anakhala pansi pomwepo pafupi ndi amuna awo. Panja pankamveka magalimoto ndi ana ochokera kusukulu. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro, onse atatu ankatembenukira kuwindo.